Imelo Imene Ndinamukonzera Mwana Wanga

M'mudzi mwathu, kunsi kwa phiri la Michesi, ndine amene ndimalembera anthu makalata. Sindinachite kudzisankha. Ndinafika Fomu 4 pa nthawi imene ofikako anali ochepa, kenako ndinagwira ukalaliki kwa munthu wina wogula nandolo pa Migowi, ndipo anthu anazolowera kubwera pakhomo ndi pepala m'manja. Wina akufuna ntchito yaulonda kuboma, wina akupepesa kwa ahedi kuti mwana wake abwerere kusukulu. Ambiri ankayankhidwa bwino, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake. Munthu wamkulu sumuuza kuti walakwitsa. Cholakwacho umachisenza iwe, iye amachiona yekha, ndipo amakuthandiza chifukwa sunamuchititse manyazi. Ndinakhulupirira zimenezi zaka zoposa makumi awiri.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ankaphunzira zauphunzitsi ku yunivesite ina, maphunziro ochitira kunyumba. Ankapita kusukuluko masabata ochepa poyamba pa simesita, n'kubwerera, zotsalazo n'kumachitira pa laputopu yakale imene anamupatsa amalume ake. Anzake ambiri a m'kalasi anali aphunzitsi kale, ongofuna digiri. Iye sanali mphunzitsi. Ankathandiza amayi ake kumunda, masana n'kukhala pakhonde ndi mabuku.

Panali phunziro limodzi la njira zophunzitsira limene analephera chaka chapitacho, nthawi imene amayi ake anagonekedwa kuchipatala kuboma iye n'kukhala wowadikirira. Tsopano ankalibwereza. Malamulo a sukuluyo sankalola kubwereza phunziro limodzi kawiri. Akalepheranso, amuchotsa. Tonse m'nyumbamo tinkadziwa zimenezi, ngakhale sitinkazitchula.

Mwezi wa Juni anapatsidwa asainimenti yaikulu ya phunzirolo, yonyamula malikisi ambiri a m'kati mwa simesita. Pepala lake linali la masamba atatu. Tsamba loyamba linkati wophunzira apite kusekondale, akakhale kumbuyo kwa kalasi, akaonerere mphunzitsi akuphunzitsa, ndipo alembe lipoti la zimene waona. Tsamba lachitatu, pamene panali kagawidwe ka malikisi, linkapereka malikisi ochuluka pa pulani ya phunziro yolemba wophunzirayo ndi pa kudziunika kwake ataphunzitsa yekha. Ndiye aonerere kapena aphunzitse? Pa gulu la pa foni la kalasi yawo anthu anakangana masabata awiri. Mtsogoleri wa kalasi analonjeza kuti afunsa alekichala, kenako anangoti zii. Amene anali aphunzitsi kale sanavutike. Makalasi anali nawo tsiku ndi tsiku, ndipo akanatha kuchita zonse ziwiri.

Mwana wanga anali ndi piriyodi imodzi yokha. Ahedi a sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu anamulola kulowa mu Fomu 3 pa phunziro la zaulimi Lachitatu m'mawa, sabata yomaliza yophunzira. Lachinayi lake mayeso otsekera teremu ankayamba. Anamuuza kuti asankhe yekha, aonerere kapena agwire choko, koma kachiwiri kulibe.

Lachinayi, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Lachitatu lija lifike, ndinali ndi ulendo wa ku Migowi kukagula malata awiri. Iye anati tipitire limodzi, chifukwa kwathu netiweki imabwera ndi kupita, ndipo ankafuna kutumiza imelo kwa alekichala. Kunali chiperoni, phiri silinkaoneka. Ndinamukweza pa kaliyala wa njinga, laputopu ataikulunga m'chitenje.

Tinakhala pa benchi m'kashopu kosindikiza mapepala. Analemba mwachangu, osafika mphindi zisanu. Akanangotumiza. Koma anatembenuza laputopuyo n'kundionetsa, monga ankachitira ali wamng'ono akalemba chimangirizo.

“Ababa, taonani ngati Chingerezi chili bwino.”

Chingerezi chinali bwino. Pa mzere wa mutu analemba nambala ya phunzirolo ndi mawu oti funso la asainimenti yachiwiri. M'munsi munali moni wa mawu awiri, dzina lake ndi nambala yake yakusukulu. Kenako anati tsamba loyamba likuti tionerere, tsamba lachitatu likupereka malikisi pa kuphunzitsa tokha, kodi ndichite chiti? Anawonjezera kuti ali ndi piriyodi imodzi yokha Lachitatu, choncho angathokoze atayankhidwa lisanafike tsikulo. Basi.

“Imeneyi ukutumiza kwa mnzako?” ndinafunsa.

“Kwa alekichala.”

“Adokotala a zamaphunziro athunthu, ukuwalembera ngati ukuitanitsa matumba a feteleza?”

Anaseka. “Ndi mmene timalembera, ababa. Amalandira maimelo ambirimbiri. Safuna nkhani.”

“Palibe munthu amene safuna ulemu. Apa ukuwauza kuti pepala lawo likudzitsutsa. Wawalozera ndi tsamba lomwe. Ndiye ukuwaikiranso tsiku loti akuyankhe. Iwe ndi ndani?”

“Koma likudzitsutsadi.”

“Akudziwa kuwerenga. Akalitsegula aona okha.”

Mayi wa shopuyo, amene ankandidziwa kuyambira ndili kalaliki, analowererapo akusanja mapepala. “Amvere bambo akowo, iwe. Kalata yawo inamulowetsa ntchito mlamu wanga amene satha ngakhale kusaina.”

Mwana wanga anandiyang'ana, n'kuyang'ana laputopu. Ndikukumbukira kuti anapuma mpweya wautali. Kenako anandisunthira makinawo.

Ndinalemba ndi zala ziwiri, pafupifupi ola lathunthu. Mutu uja ndinaufufuta, ndinaikapo mawu oti pempho lodzichepetsa. Ndinayamba ndi kuwafunira alekichala moyo wabwino pamodzi ndi banja lawo. Ndinawathokoza chifukwa cha ntchito imene akugwira potukula ana a anthu osauka. Ndinafotokoza kuti wolembayo ndi mwana wa alimi a ku Phalombe, woyamba m'banja lake kufika ku yunivesite. Za masamba aja ndinachotsa. Za Lachitatu ndinachotsanso. M'malo mwake ndinalemba chiganizo chimene ndinkachinyadira, chimene ndinali nditachigwiritsapo ntchito m'makalata ena ambiri. Ndinati malangizo a asainimenti ndi omveka bwino ndipo alibe vuto, koma chifukwa cha kuperewera kwanga ine wophunzira sindinawamvetse, choncho ndikupempha kuti mwa chifundo chanu mundiunikire pa nthawi imene mungapeze mpata.

Anawerenga yonse. Anabwezeretsa nambala yake yakusukulu pansi pa dzina, chifukwa ndinali nditaiiwala.

“Funso lili pati, ababa?”

“Lili m'menemo. Munthu wophunzira alimva.”

Anadina batani, imelo inapita. Tinakagula malata aja. Pobwerera ndinayenda pansi ndikukankha njinga, iye anakwera kabaza.

Lachisanu kunalibe yankho. Loweruka ndi Lamlungu sitinayembekezere kanthu. Lolemba anapita kumsewu katatu kukasaka netiweki, n'kubwera chimanjamanja. Amayi ake ankasenda kalongonda pabwalo, ndipo nthawi iliyonse akamuona akubwera ankafunsa kuti, “Ayankha aphunzitsi akowo?” Iye ankangopukusa mutu. Ine ndinkati anthu akuluakulu amatenga nthawi, ndipo kuchedwa kumasonyeza kuti akuiganizira bwino nkhaniyo.

Yankho linabwera Lachiwiri masana. Linali la mizere iwiri. Alekichala anati ngati malangizo ndi omveka monga wanenera, awerengenso mofatsa pamodzi ndi anzake. Anati ngati pali funso lenileni alitchule, ndipo anene phunziro lake ndi liti, chifukwa iwo amaphunzitsa maphunziro anayi.

Mwana wanga anandiwerengera ataimirira pakhomo. Sanakweze mawu. Ndinati mwina tiwalemberenso mofatsa, tiwathokoze kaye chifukwa choyankha.

“Ayi, ababa,” anatero. “Ino ndilemba ndekha.”

Anabwerera kumsewu n'kulembanso imelo yake yoyamba ija pa foni, mmene inalili, n'kuitumiza. Tinadikira mpaka dzuwa kulowa. Sikunabwere kanthu.

Lachitatu m'mawa anayenera kusankha. Pulani ya phunziro anali atalemba kale, ya kasungidwe ka mbewu, kuchitira kuti mwina. Koma mphunzitsi wa zaulimi pasukulupo sankafuna kutaya piriyodi yake yomaliza yobwereza ndi ana mayeso asanayambe, ndipo anamuuza mosabisa. Komanso tsamba loyamba ndi limene linkatchula ntchito yoti ichitike. Asananyamuke, mwana wanga anandifunsa maganizo anga. Ndinati sindikudziwa. Aka kanali koyamba kumuyankha choncho. Anavala siketi yake yakuda, anatenga kope, anakakhala kumbuyo kwa kalasi mphindi makumi anayi, n'kulemba zonse zimene anaona. Ahedi anasaina fomu yake n'kudindapo chidindo, kuti waonerera phunziro.

Tsiku lomwelo, cha m'ma fili koloko, alekichala anayankha. Anamuthokoza chifukwa choona vutolo. Anati tsamba loyamba linatsalira kuchokera pa pepala la chaka china, ndipo chofunika n'chakuti aliyense aphunzitse yekha phunziro limodzi, apereke pulani yake, kudziunika kwake, ndi fomu yosainidwa ndi ahedi. Anaika chidziwitso chomwecho pa tsamba la pa intaneti la kalasi yonse, ndipo anawonjezera sabata imodzi pa tsiku lopereka. Pa gulu la pa foni anthu anamuyamikira mwana wanga. Wina analemba kuti asankhidwe kukhala mtsogoleri wa kalasi.

Funso lake linayankhidwa patangopita tsiku limodzi. Ndinawerengetsa masikuwo ndili ndekha kuseri kwa nyumba. Likanapita Lachinayi lija, yankho likanafika Lachisanu, kapena Lolemba.

Mawa lake ndinavala jekete n'kupita naye kwa ahedi. Anatilandira bwino, koma anatitengera pa windo n'kutionetsa madesiki atatalikitsidwa kale, ana ali chete ndi mapepala a mayeso.

“Bambo, ndimuike pati? Ndiimitse mayeso?”

“Ngakhale mphindi makumi awiri, ana akaweruka.”

“Akaweruka amathamangira kwawo kukawerenga za mawa. Ndipo fomu ikufuna phunziro la pa ndandanda. Teremu ikubwerayi abwere, ndimupatsa sabata yathunthu.”

Teremu ikubwerayo inali Sepitembala. Asainimenti inkafunika mu Julayi.

Anayesa sukulu zina ziwiri, ina pa Migowi, ina njira ya kuboma. Konse kunali mayeso. Mnzake wina wa m'kalasi, mphunzitsi wa ku Mulanje, anamuimbira foni n'kumuuza kuti asavutike, angolemba ngati anaphunzitsa, fomu adzamupezera kwa ahedi ake. Ndinamva chifukwa foni yake imalankhula mokweza.

“Mwana wa kalaliki iwe, ukuopa chidindo? Aliyense akuchita zomwezo!”

“Akandifunsa dzina la mwana mmodzi wa m'kalasimo ndidzati chiyani?”

“Amafunsa ndani? Alekichala ali ndi mapepala mulu, sadziwa n'komwe kuti Phalombe ili mbali iti.”

Mwana wanga anakana. Sanandifunse. Mpaka lero sindidziwa chimene ndikanayankha akanandifunsa.

Analembera alekichala kufotokoza zimene zinachitika, ndi kupempha kuti alandire lipoti la kuonerera. Anamuyankha kuti apereke chimene ali nacho, adzachonga motsatira kagawidwe ka malikisi, chifukwa sangachonge munthu mmodzi mosiyana ndi anzake. Anapereka lipoti lake pamodzi ndi pulani imene sanaiphunzitse. Anapeza malikisi a pulaniyo ndi ena ochepa a kalembedwe. Gawo lalikulu, la kuphunzitsa ndi kudziunika, linali lopanda kanthu. Mayeso otsiriza anakalemba mu Ogasiti, ndipo anati anayenda bwino ndithu, koma ataphatikiza zonse sanafike pa mzere wokhozera. Anatsalira patali moti ngakhale mayeso apadera obwereza sanamuyenere.

Panatsala njira imodzi, yodandaula ku komiti ya sukuluyo. Fomu yake inkafuna kuti wodandaula apereke umboni wonse, ndi makalata onse amene analemberana ndi mphunzitsi pa nkhaniyo. Anapita yekha ku Migowi kukasindikiza. Madzulo ndinaona mapepalawo pa tebulo, atawapanikiza ndi kapu. Imelo yanga inali pamwamba, chifukwa ndiyo inali yoyamba. Inadzaza tsamba lonse. Yake inali pansi pake, mizere isanu.

“Yoyambayi ungaisiye,” ndinatero.

“Ali nayo kale. Ndikaisiya adzati ndikubisa.”

“Ndiye ulembe kuti ndinalemba ndine. Ndisaina.”

“Ndiwauze kuti wophunzira wa chaka chachitatu amalemberedwa imelo ndi bambo ake?” Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. “Ababa, zisiyeni. Ndinadina ndine.”

Tinadikira miyezi iwiri. Nandolo anauma, tinathyola, tinagulitsa. Sukulu zinatsegulidwa, ndipo ahedi aja anatumiza uthenga kuti sabata ija ilipo ngati akuifunabe. Anawathokoza. Anzake anapita kukayamba simesita ina, iye anatsala, chifukwa dzina lake linali loimitsidwa mpaka komiti itagamula. Anthu ankabwerabe pakhomo ndi mapepala awo. Ndinalembera awiri. Wachitatu, bambo wina wofuna kudandaula za malire a munda, ndinamuuza kuti maso akundivuta.

Yankho la komiti linabwera pa imelo mwezi wa Okutobala, kukutentha. Tinali pansi pa mtengo wa mango titangodya. Anawerenga yekha kaye, kenako anandipatsa foni. Inali kalata yaulemu, ya ndime zitatu. Ndime yoyamba inkati komiti yaona kuti pepala la asainimenti linalidi ndi vuto, ndipo mphunzitsi analikonza pasanathe tsiku limodzi atauzidwa, n'kuwonjezera nthawi kwa onse. Yachiwiri inkati wophunzirayo anali ndi mpata wonena vutolo msanga, koma m'kalata yake yoyamba iye mwini analemba kuti malangizo ndi omveka bwino ndipo alibe vuto. Mawuwo anawaika m'mitengero, monga ndinawalembera. Yachitatu inkati dandaulo lakanidwa, ndipo wachotsedwa pa maphunziro malinga ndi malamulo.

Amayi ake sadziwa Chingerezi. Anapukuta manja pa chitenje n'kusendera pafupi.

“Tandiuzani, inu awiri. Mwangoti duu ngati pamaliro.”

Mwana wanga anatenga foni m'manja mwanga n'kuyamba kumasulira. Anamasulira ndime yoyamba yonse, pang'onopang'ono. Anafika pa yachiwiri. Ndinaona chala chake chikukankha mawuwo m'mwamba, n'kupitirira. Anamasulira yachitatu.

“Ndiye akuvomera kuti pepala lawo linali lolakwika, koma akuchotsa iwe?” anafunsa amayi ake.

“Eya, amayi.”

“Chifukwa chiyani? Si munawalembera kalata, iwe ndi bambo akowa? Tsiku lija munapita ku Migowi?”

“Tinalemba.”

“Nanga kalata ya bambo ako angaikane? Anthu amenewa alibe ulemu.” Anatembenukira kwa ine. “Alembereninso, bambo ake. Mulembe yaitali, amve bwinobwino.”

Ndinatsegula pakamwa. Mwana wanga anandiyang'ana, n'kupukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha, amayi ake osaona. Kenako anatolera mbale n'kupita nazo kuseri.

Tsopano amaphunzitsa ana a mkaka pa kasukulu ka mpingo pa Migowi, ndipo amabwera kumudzi Loweruka. Amati mwina adzafunsiranso malo kwina, kuyambira chaka choyamba, koma mafomu sanatengebe. Timacheza bwino. Amandifunsa za munda, za bondo langa. Za imelo ija sitinakambepo. Amayi ake mpaka lero amauza anthu kuti mwana wawo anachotsedwa ndi alekichala odzikuza amene sanafune kuwerenga kalata yabwino. Akamanena zimenezi ine ndimakhala pomwepo, ndipo sindinawauzebe zimene zinali mu ndime yachiwiri.